Kotesheni Yachitatu

Lachisanu m'mawa, m'bokosi la makotesheni, mapepala a mitengo ya ogulitsa, munali maenvulopu awiri okha. Rhoda Kamwendo analinyamula bokosilo, kuligwedeza, kusuzumira pa kabowo kake ndi tochi ya foni, koma ayi ndithu, awiri basi. Analikhazikanso pansi n'kuliyang'ana ngati lamulakwira.

Mtsikanayu anachokera ku Dedza. Anabwera ku Mzuzu kudzayamba ntchito yogula katundu pa bungwe lina laling'ono lokumba zitsime, lomwe ofesi yake inali ku Chibanja. Anali adakali pa miyezi yomuyesa, ndipo miyeziyo imatha Lachisanu lomwelo. Ntchito yoyamba yaikulu imene anamupatsa inali yogula mipando ndi matebulo, chifukwa abale, zomwe ankakhalira anthu pa ofesi ija zinali zochititsa manyazi. Mlendo akabwera ankamupatsa mpando wapulasitiki womangidwa ndi waya, n'kumuchenjeza kuti asatsamire.

Amene ankagwira ntchitoyi Rhoda asanabwere anachotsedwa. Munthu uja anabweretsa makotesheni atatu a makampani atatu, koma onse olembedwa ndi dzanja limodzi, cholembera chimodzi, mpaka zolakwitsa zofanana. Azungu opereka thandizo atazindikira anakalipa koopsa. Anati zonse ziyambirenso, ndipo oda ikapanda kutuluka mwezi uno usanathe, ndalama ya mipandoyo ibwerera kwawo. Choncho mayi Bridget Nyasulu, mkulu wa bungwelo, anamuuza Rhoda mosapsatira mawu.

"Makotesheni atatu enieni, a anthu atatu enieni, m'bokosi, Lachisanu 12 koloko isanakwane. Komiti ikhala masana omwewo, oda ituluka madzulo. Zikayenda bwino, kalata yanu yokhazikika pa ntchito ndiisayina. Zikakanika, sindidziwa kuti ndidzawauza chiyani azungu, ndipo sindidziwa kuti ndidzakuuzani chiyani inu."

Rhoda anailemba kalata yopempha mitengo ija ngati mayeso a fomu folo. Matebulo asanu ndi limodzi a matabwa ouma a mlombwa, m'litali masentimita 140, m'lifupi 70, msinkhu 75, lililonse madirowa atatu otseka ndi kiyi. Mipando isanu ndi umodzi ya khushoni yokhala ndi poika manja. Mipando ya alendo khumi ndi iwiri. Makabati atatu a mafayilo. Mtengo wa chilichonse pachokha ndi wa zonse pamodzi, msonkho wa VAT ndi mayendedwe zikhale momwemo. Anene kuti katundu afika liti, aphatikize pepala la kaundula wa bizinesi ndi la msonkho, amate envulopu, adzaponye m'bokosi. Yobwera mochedwa idzabwezedwa osatsegula. Mzere womalizawu anaulemba ndi zilembo zikuluzikulu, n'kudulanso mzere kunsi kwake, ali wonyadira zedi.

Kalatayo inapita kwa anthu anayi. Mmodzi anayankha tsiku lotsatira kuti mlombwa wouma alibe, asamuwerengere. Masitolo awiri a m'tauni ndiwo anaponya maenvulopu awiri aja. Wotsala anali a Winston Gondwe, kalipentala wa ku Masasa.

Ndipo a Gondwe ndiye munthu amene Rhoda sankamukayikira m'pang'ono pomwe. Anabwera okha ku ofesi Lachiwiri, bambo wachikulire wa jekete la bulauni, pensulo ili kukhutu. Anafunsa ngati kumbuyo kwa makabati angaike matabwa opyapyala a pulayiwudi. Rhoda anawayankha kuti inde, ndipo yankho lomwelo analilembera onse atatu, kuti pasakhale womva zake yekha. Potuluka a Gondwe anamugwira dzanja ndi manja awiri.

"Yewo chomene, mama. Lachisanu m'mamawa mudzaipeza. Ine sindichedwa, funsani Mzuzu yonse."

Tsono ali kuti? Rhoda anaimba foni, yozima. Anaimbanso, yozima. Anatumiza uthenga pa WhatsApp, kachizindikiro kamodzi kokha kotuwa. Anayang'ananso nambala pa khadi lawo kuti mwina walakwitsa. Sanalakwitse.

A Fyson Mkandawire, owerengera chuma pa ofesipo, anamuona akuzungulirazungulira. Anatsamira pa chitseko, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Asisi, mwafika poonda ndi nkhani yaing'ono. Mlamu wanga ali ndi mapepala a kampani, chidindo ali nacho. Ndimuimbire? Aika mtengo wokwerako pang'ono, sapambana, palibe walakwiridwa. Atatu akwana, inu ntchito mwaipeza, ife mipando taipeza."

"Mlamu wanuyo amapanga mipando?"

"Amagulitsa matayala. Koma nanga pepala limanunkha tayala?"

"Ayi, a Fyson."

"Chabwino. Nthawi ndi yanu."

Rhoda analowa kwa mayi Nyasulu kukapempha kuti awonjezere nthawi, awalembere onse kuti tsiku lasintha lafika Lolemba. Mayi Nyasulu sanadzutse n'komwe mutu pa kompyuta. Lolemba ndi mwezi wina, anatero, ndipo mwezi wina ndalamayo kulibe.

Ndiye anaganiza zongopita ku Masasa. Sikuti akatenge envulopu ayi, chifukwa kalata yake yomwe inkati mwini wake adzaponye yekha. Amafuna akangowapeza a Gondwe, kuwakumbutsa, kuwakweza pa njinga yamoto basi. Nthawi inalipo yokwanira. Anatchera alamu pa foni kuti ilire 12 koloko, anatenga chikwama, n'kuimitsa wakabaza panja pa geti.

Masasa sankaidziwa. Wakabaza anati malo a a Gondwe amawadziwa chomene, koma anakamufikitsa pa shopu ya a Gondwe ena owotcherera mageti. Anafunsa. Anawalozera kumtunda. Kumtundako anapeza a Gondwe ometa tsitsi. Inu, Mzuzu ili ndi a Gondwe! Rhoda mutu unayamba kumuwawa. Kachitatu ndi pomwe anatsika kanjira kokumbika ndi madzi, n'kuona chikwangwani chojambulidwa tebulo ndi bedi. Chitseko chinali chotseka ndi loko, panja pali utuchi wonyowa ndi mame, palibe munthu ndi mmodzi yemwe.

Kutsogoloko pang'ono, pamsewu panali pataikidwa masamba. Wakabaza anazimitsa njinga, anavula chipewa, n'kuyamba kukankha. Zimenezi Rhoda sanafunike womasulira, ngakhale ku Dedza masamba pamsewu ndi maliro. Mtima unakhalako pansi. Ndiye chifukwa chake! A Gondwe ali pa maliro a mnansi, azimitsa foni mwaulemu, envulopu ili m'thumba la jekete. Anamuuza wakabaza kuti adikire, abwera ndi bambo wina pompano.

Azibambo anali atakhala panja pa mabenchi, pansi pa tenti. Rhoda anaima chapatali n'kumayang'ana jekete la bulauni. Majekete a bulauni analipo ambirimbiri, koma nkhope palibe. Kupita pakati pa azibambowo sakanatha, mkazi wovala siketi ya ku ofesi yolekeza m'mawondo, nsapato zazitali, fayilo kukhwapa. Anthu anali atayamba kale kumucheukira.

Mayi wina wojintcha, wa duku lakuda, anatulukira kuseri kwa nyumba n'kumulunjika. Analankhula Chitumbuka chothamanga, mawu ambiri, akuloza miyendo ya Rhoda. Tsono Rhoda Chitumbuka chake chonse chinali mawu amodzi, ndipo ankawagwiritsa ntchito pa chilichonse, pamsika, m'minibasi, kutchalitchi.

"Yewo," anatero.

Basi, mayi uja anamasula chitenje chimodzi mwa ziwiri zomwe anavala, anamukulunga nacho Rhoda m'chiuno, kumanga kolimba ngati akumanga thumba la chimanga, n'kumugwira pamkono.

"Pepani amayi, ine ndimafuna ndingoonana ndi..."

"Mwachokera nkhu?"

"Ku ofesi ya ku Chibanja, tinawapempha a Gondwe mitengo ya matebulo, ndiye..."

"Eee, wa matebulo! Njirani, njirani, mama."

Anamuvulitsa nsapato pakhomo. M'nyumba munali mdima ndi kutentha, mipando yonse itatulutsidwa, azimayi atakhala pamphasa mothithikana, miyendo yotambasula, akuimba motsitsa. Pakati panali bokosi la maliro la mlombwa, lopakidwa vanishi wonyezimira. Rhoda anagwada monga mwa mwambo, akuganiza kuti apepese mwachangu atuluke. Atadzutsa maso anaona chithunzi chotsamiritsidwa pa bokosilo. Jekete la bulauni. Pensulo yokha ndiyo panalibe.

Ayi. Anayang'ananso. Mwina ndi mchimwene wawo, anthu amafanana. Munthu anali naye Lachiwiri, anamugwira dzanja, dzanja lake lotentha, lokhakhala. Anafunsa za pulayiwudi. Munthu wofunsa za pulayiwudi Lachiwiri angagone bwanji m'bokosi Lachisanu? Anangokhala pansi pomwepo, fayilo ili pamiyendo.

Mayi wa duku lakuda uja ananong'oneza mnzake, mnzakeyo ananong'oneza wina, uthenga unayenda mpaka pakona pomwe panakhala namfedwa. Kenaka azimayi anayamba kusendera, kumupatsa njira, kumukankhira kutsogolo. Rhoda anakwawa ndi mawondo mpaka anakapezeka wakhala phewa ndi phewa ndi mkazi wa malemu, mayi Selina, wochepa thupi, maso otupa, mawu atasasa.

"Ndinu a ku ofesi ya matebulo?" anafunsa m'Chichewa cha kumpoto.

"Eya, amayi. Pepani. Pepani kwambiri."

"Mwaona, anthu inu?" mayi Selina anatembenukira anzawo. "Munthu anangowaona kamodzi. Kamodzi kokha! Koma wamva, wasiya ntchito, wabwera. Ena anadya nawo zaka ndi zaka, mpaka pano sitinawaone. Yewo chomene, mwana wane. Chiuta akutumbike."

Azimayi anavomereza ndi mitu, ena kumusisita pamsana. Manyazi amene anamugwira Rhoda, sanawamvepo chibadwire. Anafuna kunena kuti ayi amayi, sindinamve, ndabwera kudzalondola pepala. Koma mawu otere angatuluke bwanji pakamwa, mtembo uli apo? Anangowerama, ndipo misozi inabwera yokha. Kaya inali ya a Gondwe, kaya ya ntchito yake, kaya ya manyazi, iye mwini sakanatha kusiyanitsa.

Mayi Selina anafotokoza motsitsa. Lachitatu madzulo bambo anamaliza kulemba, anamata envulopu, anadya bwinobwino. Kenaka anati mutu, mutu. Pofika kuchipatala anali atasiya kulankhula.

"Koma m'galimoto, tisanafike, anandiuza. Anati Selina, kalata ya matebulo, Lachisanu, isanakwane thwelofu. Ine ndi zonsezi ndinaiwala. Mwandikumbutsa ndinu."

Anapisa dzanja kuseri, m'chikwama chomwe anatsamira, n'kutulutsa envulopu yakhaki. Yomata bwino, chidindo pa msoko, pamwamba polembedwa ndi zilembo zoongoka dzina la bungwe ndi nambala ya kalata ija, ndendende monga Rhoda analamulira. Anamuika nayo m'manja n'kumufumbatitsa.

"Ntchito anyamata awo aigwira, mng'ono wawo Shadrick alipo. Mukaiponye, mama. Asakhale abodza pa ulendo wawo womaliza."

Apa mutu wa Rhoda unazungulira zenizeni. Iye wogula katundu, kunyamula envulopu ya wogulitsa, n'zololedwa? Kalata inkati aponye mwini wake. Nanga mwini wake akamwalira? Kotesheni ya munthu womwalira ndi kotesheni? Koma bizinesi ndi yolembetsedwa, siinamwalire. Kapena yamwalira nawo? Ku koleji anaphunzira zambiri, za mitengo, za ziphuphu, za katundu wofika wosweka, koma palibe mphunzitsi anatchulapo za maliro. Anaganiza kuti akakafika akaulula zonse kwa komiti, iwo akaone chochita. Chachikulu envulopu ilowe m'bokosi nthawi isanakwane. Anasuzumira foni m'chikwama mwakabisira. Njinga itathamanga, akanafika.

Anayamba kupinda miyendo kuti adzuke. Nthawi yomweyo pakhomo panada. Amayi a Umanyano, gulu la amayi a mumpingo, mabulauzi oyera, maduku oyera, analowa mondondozana akuimba, pambuyo pawo mkulu wa mpingo atanyamula Baibulo. Anadzaza pakhomo, anadzaza pakhonde, ena anakhala pa nsapato zake zomwe. Mayi Selina atamva nyimboyo anayambiranso kulira, ndipo polira anagwira chomwe chinali pafupi. Chomwe chinali pafupi chinali dzanja la Rhoda.

Tsono inu mukanatani? Kuchotsa dzanja la namfedwa, kudumpha miyendo ya azimayi nyumba yonse, kudutsa pambali pa mtembo, kukankha mkulu wa mpingo, n'kunena kuti pepani ndikuchedwa ku ofesi? Rhoda analeredwa ndi anthu. Anati adikire nyimbo ithe. Nyimbo itatha inayamba ina. Itatha imeneyo mkulu uja anati tipemphere.

Ndipo bambo amene uja amapemphera, abale! Anayambira kwa Adamu. Rhoda sankamva mawu, ankangomva mayina, Abrahamu, Yobu, Lazaro, ndipo pa dzina lililonse ankati apa ndiye atha. Foni inanjenjemera m'chikwama, kamodzi, kawiri, kenaka mosalekeza. Ofesi imeneyo. Anatsinzina n'kumapemphera lake pemphero, lakuti pempheroli lithe, kenaka anachita mantha kuti Mulungu amva mapemphero awiri otsutsana kuchokera m'chipinda chimodzi.

Mkulu uja ali pakati pa Yerusalemu watsopano, alamu inalira. Kanyimbo kosangalala, kokweza, kovinitsa. Maso onse anatseguka. Rhoda analimbana ndi zipi ndi dzanja limodzi, fayilo inagwa, mapepala anamwazika pamphasa, mpaka anaizimitsa. Pa galasi la foni panali mawu omwe analemba yekha m'mawa: tsegulani bokosi.

Mayi Selina sanadziwe kuti kulira kuja kumatanthauza chiyani. Anangomusisita dzanja ngati akumuuza kuti zimachitika.

Atatuluka, wakabaza anali atapita kalekale. Nsapato imodzi anaipeza kuseri kwa chidebe cha madzi. Anathamanga mpaka kumsewu waukulu, anakwera njinga ina, ndipo njira yonse ankadziuza kuti mwina wotchi ya ku ofesi imatsalira, mwina komiti yachedwa kukhala, mwina magetsi azima. Ngati kuti bokosi limatsegulidwa ndi magetsi.

Anawapeza atakhala kale, mayi Nyasulu pakati, a Fyson kumbali, ndi anthu ena awiri a komiti. Bokosi linali lotsegula, maenvulopu awiri ali patebulo osang'ambidwa. Onse anayang'ana chitenje chachilendo chija, fumbi la m'miyendo, maso ofiira.

"Munali kuti, Rhoda? Takuimbirani mpaka kutopa."

Anafotokoza. Anayambira pakati, anabwerera kumayambiriro, anasokoneza a Gondwe ometa ndi a Gondwe a mageti, koma pamapeto pake zinamveka. Anaika envulopu yakhaki patebulo.

"A Gondwe amwalira?" anatero mayi Nyasulu motsitsa. "Bambo aja anandipangira bedi la ukwati wanga." Anavula magalasi, anapukuta m'maso, anawavalanso. Kenaka anayang'ana wotchi ya pakhoma, yomwe siinkatsalira ngakhale pang'ono.

"Amayi," anatero a Fyson, "ife tilipo asanu m'chipinda muno. Ndani waona nthawi? Tingoiponyamo, tiitulutse, basi. Munthu analemba Lachitatu, sanabere aliyense."

Zoona, sanabere aliyense. Rhoda anayang'ana mayi Nyasulu, ndipo mayi Nyasulu anayang'ana iye.

"Bokosi tatsegula 12 koloko pamaso pa anthu a masitolo awiri aja," anatero mayiwo. "Asayina kuti aona maenvulopu awiri, apita. Tikalemba atatu, mawa azungu amva. Ndipo kalata ija analemba ndani? Rhoda, mzere womaliza umati chiyani?"

"Yobwera mochedwa idzabwezedwa osatsegula."

"Ndiye mwadziyankha."

Anatenga cholembera chofiira, analemba pa envulopupo kuti yachedwa, tsiku ndi nthawi, n'kusayina. Awiri sakwana, anatero, komiti singapitirire. Awiri enawonso abwezedwe momwe alili. Iwo alembera azungu kufotokoza, koma asanamize munthu, azungu aja anachenjeza kale kawiri. Za kalata ya Rhoda sanatchule, ndipo Rhoda sanafunse. Anaiona yekha pansi pa fayilo ya mayiwo, yotayipidwa kale, malo osayina ali mbee. Mayi Nyasulu anaikokera m'dirowa n'kutseka.

A Fyson anadzuka, anapukusa mutu, ndipo podutsa anangoti, "Matayala aja, asisi." Sananene mwachipongwe. Anamumvera chisoni, ndipo zimenezo ndi zomwe zinamupweteka kwambiri.

Mayi Nyasulu anakankhira envulopu yakhaki ija kwa Rhoda.

"Mubweze kwa mwini wake. Asayine m'buku kuti walandira."

"Mwini wake aikidwa mawa, amayi."

Mayiwo anayang'ana pawindo.

"Ndiye kwa akazi awo," anatero. "Mudikire mwambo udutse."

Rhoda anatuluka panja n'kukhala pa mpando wa alendo, wa waya uja, osatsamira. Envulopu inali pamiyendo pake, pa chitenje cha mayi amene sankamudziwa n'dzina lomwe. Chitenjecho chinafunika kubwezedwa lero, mayi uja asagone pa maliro ndi chimodzi. Ndiye kuti abwerera ku Masasa, alowanso m'nyumba muja, ndipo mayi Selina akangomuona amufunsa.

Foni inalira. Nambala ya a Gondwe, yomwe inali yozima m'mawa wonse. Rhoda anaiyang'ana mpaka inatsala pang'ono kuduka, kenaka anayankha.

"Ndine Selina, mama," anatero mawu osasa aja, nyimbo zikumveka kumbuyo. "Ndimati ndingomva. Mwafika bwino? Mwawaponyera adada kalata yawo?"